Mtengo wafika pamzere: Market, Limit kapena Stop?

"Achimwene, mzere ndimaujambula bwino patchati, koma mtengo ukafika pamenepo ndimasokonezeka. Ndidine Market pomwepo, ndiike Limit, kapena Stop? Nthawi zambiri mtengo umandisiya, ndikalowa umabwerera."

Imelo yanuyi, yofunsa za mitundu ya maoda pa malonda a ndalama zakunja, ndaiwerenga katatu, achimwene, chifukwa yandikumbutsa tsiku lomwe mpaka pano limandiwawa mumtima.

Ndinali ndi madola 300 mu akaunti, ndalama zomwe ndinasonkhanitsa kwa miyezi ingapo. EURUSD, mtengo wa yuro m'madola, inali pa 1.0830, ndipo pansi pake panali mzere wa 1.0800 womwe mtengo unali utaugunda kawiri n'kubwerera m'mwamba. Ndinaika Buy Limit, oda yodikira kugula mtengo ukatsika, pa 1.0800 penipeni; Stop Loss, oda yotseka tiredi zikavuta, pa 1.0780; ndipo loti, kukula kwa tirediyo, inali 0.10. Pa loti imeneyi pipu imodzi, kutanthauza mtengo ukasuntha ndi 0.0001, ndi dola imodzi, choncho zikanavuta ndikanataya madola 20. Ndinapita kukasamba. Pobwera ndinapeza kandulo, chizindikiro cha patchati choonetsa mmene mtengo wayendera, ili ndi mchira wautali wofika pa 1.0799, mtengo uli pa ulendo wokwera, koma oda yanga ili chikhalire, yosakhudzidwa. Ndinayang'anitsitsa foni manja akunjenjemera, ndikuganiza kuti buloka, kampani yomwe ndinatsegulako akaunti, wandibera.

Sanandibere. Tchati cha pa pulogalamu ya MT4 chimajambula mtengo wogulitsira wotchedwa Bid, pomwe wogula amagula pa Ask. Kusiyana kwa mitengo iwiriyi, komwe timati sipuredi, kunali mapipu 2 nthawi imeneyo. Ndiye pamene Bid inafika 1.0799, Ask inali pa 1.0801, ndipo oda yanga inkadikira Ask ifike 1.0800. Panatsala pipu imodzi yokha.

Zimene ndinachita kenako ndizo zinandipweteka. Nditaona mtengo ukuthawa, mtima unatentha, ndinadina Buy pa Market Execution mtengo uli 1.0845. Stop Loss ndinaisiya pomwe paja pa 1.0780, poti mzere unali usanasunthe. Sindinawerengere kuti tsopano ndaika pachiswe mapipu 65, kutanthauza madola 65 m'malo mwa 20 aja. Mtengo unakwerako pang'ono, usiku unatsika, m'mawa ndinadzuka madola 65 aja atapita. Tsiku lomwelo mayi a kunyumba anandifunsa za ndalama ya lendi, ine mawu anandisowa.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti anthu ogulitsa masiginolo m'magulu a pa WhatsApp sakuuzani zimenezi. Amangolemba kuti gulani tsopano. Tsopano lake liti? Iwo analowa mphindi khumi zapitazo, inu uthenga mwauona mutatsika minibasi, mtengo wayenda kale mapipu 30. Munthu amene akukuuzani kuti mugule koma osatchula mtengo wolowera, mtundu wa oda ndi pothawira zikavuta, sakukuphunzitsani kanthu. Ndipo ndikunena mosabisa: Market yodina chifukwa mtengo wakusiyani ndiyo oda yoipitsitsa mwa zonse zitatu. Ine ndinaleka, ndipo sindidzabwereranso.

Oda iliyonse ili ndi chimene imakulonjezani ndi chimene imakumanani. Market imakulowetsani nthawi yomweyo, koma pa mtengo uliwonse womwe ulipo. Limit imakulonjezani mtengo wanu kapena wabwinopo, koma siikulonjezani kuti mulowa. Stop imadikira mtengo udutse pomwe mwaiika, kenako imasanduka Market, ndiye kulowa mulowadi koma mtengo wake sukhala m'manja mwanu.

Limit: mukukhulupirira kuti mzere ugwira

Buy Limit imaikidwa pansi pa mtengo womwe ulipo, Sell Limit pamwamba pake. Ubwino wake n'ngoti mumalowa pafupi ndi mzere, choncho Stop Loss imakhala yaifupi. Koma pali chinthu chimene chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse. Tsiku lililonse limene mzere usweka, Limit yanu imalowa ndithu, chifukwa mtengo sungatsike osadutsa pa iyo. Koma masiku amene mzere ugwira, nthawi zina mtengo umabwerera usanakufikeni, ngati mmene zinandichitikira ine. Ndiye matiredi oluza mumawatenga onse, opambana mumatengako ena. N'chifukwa chake ndimaika Buy Limit pamwamba pang'ono pa mzere kuti sipuredi ikwanemo, pa chitsanzo chija ndikanaika pa 1.0803. Komanso ndikaona mtengo ukutsikira pamzere ndi makandulo akuluakulu otsatizana, ndimaifufuta.

Stop: mukukhulupirira kuti mzere usweka

Buy Stop imakhala pamwamba pa mtengo, Sell Stop pansi pake. Iyi nayo inandiphunzitsa mowawa. Linali Lachisanu lotuluka ziwerengero za ntchito za ku America, zomwe pa kalendala ya zachuma zimalembedwa NFP. Kawirikawiri zimatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 8:30 m'mawa ku New York, kuno ndi 14:30 kapena 15:30 malinga ndi nyengo ya kumeneko. Mzere unali pa 1.0900. Ndinaika Buy Stop pa 1.0902, Stop Loss pa 1.0880, ndikudziwa kuti ndaika pachiswe mapipu 22. Ziwerengero zitatuluka mtengo unalumpha, oda inalowa pa 1.0917. Mapipu 22 aja anasanduka 37, ndipo pasanathe mphindi zisanu mtengo unabwerera pansi pa mzere.

Palibe anandilakwira. Pa kamphindi kameneko panalibe wogulitsa pa 1.0902, ndiye oda inatenga mtengo woyamba womwe inapeza. Amene anali pamsika pa 15 Januwale 2015, pamene banki yaikulu ya ku Switzerland inachotsa malire a 1.20 pa EURCHF, mtengo wa yuro mu ndalama ya dzikolo, anaona zomwezi pa mlingo woopsa: maoda a Stop analowa kutali kwambiri ndi pomwe anaikidwa. Kumbukirani kuti Stop Loss nayo ndi oda ya mtundu womwewu. Pa pulogalamu ya MT5 pali Buy Stop Limit, yomwe mtengo ukafika pomwe mwanena imakuikirani Limit m'malo mokuponyani pa Market. Kulumpha kuja imakutetezani, koma mutha kutsala panja.

Chinanso chomwe chimatikhudza kuno ndi magetsi ndi netiweki. Limit ndi Stop zikangoikidwa zimakhala pa seva ya buloka, zimagwira ntchito ngakhale foni yazima kapena bandulo yatha. Market imafuna inuyo mukhalepo, chala chili pafoni. Koma musasiye oda yogona osaganizira za pakati pa usiku. Cha m'ma 23:00 kapena 00:00 kuno, pamene tsiku la malonda likutha ku New York, sipuredi imatha kukula kangapo, ndipo Ask imatha kukhudza Buy Stop yanu ngakhale tchati sichinafikepo.

Market sindinaitayiretu ayi. Ndimaigwiritsa ntchito ndikadikira kandulo ya ola limodzi itseke nditaona mzere ukukankha mtengo. Ndisanadine ndimawerenga mtunda wofika pa Stop Loss, n'kuchepetsa loti kuti ndalama yotayika isasinthe. Ngati mtunda wachoka pa mapipu 20 kufika 40, loti imatsika pa 0.10 kufika 0.05. Mtunda ukapitirira pamenepo, tirediyo ndimaisiya ipite.

Ndiye kwa inu, achimwene, mtengo usanafike lembani papepala chimene mukuyembekeza pamzerewo. Ngati ndi kubwerera, Limit yokhala ndi mpata wa sipuredi. Ngati ndi kusweka, musaike Stop pafupi ndi nthawi yotuluka nkhani zazikulu, ndipo ine ndingakonde mudikire kandulo itseke kuseri kwa mzere, kenako muike Limit poyembekeza kuti mtengo ubwerera kudzaugundanso. Yesani zimenezi pa akaunti yoyeserera ka 30, mukulemba mtengo womwe munapempha ndi womwe munapatsidwa, kenako mudzanditumizire manambalawo tidzaonere limodzi.