Mayina a anthu a kuseri kwa Sapitwa: kupeka chiyankhulo chimene owerenga angakhulupirire

Funso: Ndikulemba nthano ya mtundu wa anthu obisika kuseri kwa Sapitwa, ndipo ndawapekera chiyankhulo chawo ndi zilembo zawo. Anzanga akuti mayinawo sakumveka ngati enieni, komanso ineyo ndimasokonezeka: ndikaika liwu lopeka ngati hun m'chiganizo cha Chichewa, ndilembe "hun ya" kapena "hun la"? (Wolemba nthano, Likhubula, Mulanje)

Yankho: Achimwene, dzina lopeka limamveka labodza makamaka ngati lilibe abale. Taonani mayina a kwanu komweko: Sapitwa ali ndi sa- wokana ndi tsinde la kupita, ndipo Dziwe la Nkhalamba aliyense amamva chimene likunena. Khutu la wowerenga linazolowera kuti dzina limamangidwa ndi zidutswa zimene zimapezekanso m'mayina ena. J.R.R. Tolkien, mlembi wa The Lord of the Rings, anatsata zimenezi popeka mayina a malo a m'nthano zake: mu Anduin ndi Baranduin muli duin, kutanthauza mtsinje, ndipo mu Mordor ndi Moria muli mor, mdima. Wowerenga saphunzitsidwa, koma akakumana ndi kachidutswa komweko kachiwiri amazindikira kuti kuseri kwa mayinawa kuli anthu amene amayankhuladi.

Choncho yambani ndi maliwu, mayina abwere pambuyo. Chichewa chili ndi mavawelo 5, ndipo phatikizo lililonse limathera pa vawelo, kupatula m wa m'mawu ngati mtengo. Kuti anthu anu amveke achilendo, sinthani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha. Tiyese chonchi: mavawelo akhale 3 (a, i, u), makonsonanti 10 (p, t, k, s, h, m, n, l, w, y), pasakhale mb, nd kapena ng, ndipo phatikizo liloledwe kuthera pa n kapena s. Lamuloli mulilembe patsamba loyamba la kope lanu ndipo musaliphwanye. Mukadzaika Zeglor patsamba 40, wowerenga adzamva kuti dzinalo ndi la mudzi wina. Chenjezo limodzi: musasiyanitse mawu awiri ndi l ndi r chabe. Kwa ife Achewa awiriwa ndi liwu limodzi, ndiye Kala ndi Kara adzasanduka munthu mmodzi m'mutu mwa owerenga anu.

Kenaka pekani masinde 30 kapena 40 a zinthu zimene anthu a paphiri amaziona tsiku ndi tsiku. Mwachitsanzo kas akhale mwala, hun madzi, mali mkungudza, tin khomo, ndipo -wa aziikidwa kumapeto posonyeza malo. Pamenepo mayina ayamba kubadwa okha: Hunwa ndi pamadzi, Malitin ndi khomo la mikungudza, Kaswa ndi pamiyala.

Tsopano lumikizani kas ndi hun kuti mutche mathithi awo. Mupeza Kashun, ndipo vuto labwera: aliyense awerenga sh ngati wa mu shuga, liwu limene chiyankhulo chanu chilibe. Musalitaye dzinalo. Ikani lamulo loti h amagwa akatsatana ndi s, dzina likhale Kasun, ndipo lamulolo ligwire paliponse pamene awiriwa akumana. Ine ndimaona kuti apa m'pamene chiyankhulo chopeka chimayamba kukhala ndi zaka, chifukwa mawu a anthu enieni amaperepeseka polumikizira. Nkhalamba ya m'nthano yanu ikhoza kumatchulabe h uja, ana n'kumaiseka, ndipo mwaonetsa mibadwo iwiri popanda kufotokoza chilichonse.

Pali chinanso chimene ambiri amachiiwala. Anthu a m'munsi mwa phiri, oyankhula Chichewa kapena Chilhomwe, sangatchule Kasun monga eni ake. Adzawonjezera vawelo kumapeto monga tinachitira ndi buku, basi ndi sukulu, n'kumati Kasuni, mwinanso Nkhasuni. Malo amodzi akhale ndi mayina awiri, la eni ndi la alendo. Mbiri yathu ili ndi zomwezo: atsamunda ankalemba Mlanje ndi Cholo pamene ife timati Mulanje ndi Thyolo. Tolkien nayenso anachita dala kuti Baranduin asanduke Brandywine m'kamwa mwa anthu ena a m'dziko lake.

Tibwere ku ya ndi la. Liwu lopeka likalowa m'chiganizo cha Chichewa ndi mlendo ngati mawu ena onse obwereka, ndipo liyenera kupatsidwa gulu. Njira zimene Chichewa chimatsata ndi izi. Ngati ndi munthu kapena udindo, limatenga mgwirizano wa anthu: wansembe wawo akamatchedwa sin, mulemba "sin wamkulu wafika", ambiri "asin afika". Ngati liwu likuyamba ndi ma-, chi- kapena mu-, khutu limalikokera ku gulu la mawu oyamba choncho, ndiye "mali" adzafuna "mali awa", ngati madzi awa, ngakhale mtengowo uli umodzi. Ngati simukufuna zimenezo, sinthani tsinde likhale nali. Mawu ena onse a zinthu ali ndi makomo awiri: gulu la buku, mmene timati buku la ndi mabuku a, kapena gulu la nyumba, mmene timati nyumba ya ndi nyumba za. Kwa hun ndingasankhe "hun ya", "hun za", chifukwa gulu limeneli silisintha maonekedwe a liwu pochulukitsa, pamene mahun akubisa tsinde limene mukufuna kuti wowerenga alizindikire mu Hunwa. Chimene chimaononga ndi kusinthasintha: "hun ya mafumu" pamutu woyamba, "hun la mafumu" pamutu wachisanu. M'kope lanu, pambali pa liwu lililonse lembanipo wa, ya kapena la. Mtundu wa anthuwo ndi Akasun, chiyankhulo ndi Chikasun, pakuti wofotokoza nthano ndi Mchewa.

Za zilembo, dzifunseni kaye kuti amalemba pa chiyani, ndi chiyani. Ngati amazokota ndi mpeni pa thabwa la mkungudza, zilembo zikhale za mizere yowongoka ndi yopendama. Zozungulira n'zovuta kuzokota, ndipo mzere wotsata mitsempha ya thabwa umabisika kapena kuling'amba. Kenaka werengani. Makonsonanti 10 ndi mavawelo 3 akupereka maphatikizo 30, kuwonjezera mavawelo oima paokha 3 ndi n ndi s otsekera, zonse 35. Mukhoza kuchepetsa potengera nzeru ya Nolence Mwangwego, amene anayamba kukonza zilembo za ziyankhulo za Malawi mu 1979 n'kuzitulutsa poyera mu 1997: chilembo chimodzi chimaimira konsonanti ndi a, ndipo kachizindikiro kowonjezera kamasintha vawelo. Kwa inu zingakhale zilembo 10, tizizindikiro 2 ta i ndi u, kamodzi kofafaniza vawelo pa n ndi s, ndi chilembo china chonyamula vawelo yoima payokha. Zilembo za a Mwangwego n'zenizeni ndipo zili ndi mwini, choncho tengani njira yokha, maonekedwe mupeke anu.

Zilembozo foni ya wowerenga sizizidziwa, ndiye zijambuleni pamanja n'kuziika ngati chithunzi pa mapu kapena pachiyambi cha mutu. Onetsetsani kuti chilembo cha hu mu Hunwa ndi chomwecho paliponse pamene hu akupezeka, chifukwa owerenga achidwi amayerekeza. M'nkhani momwemo, mawu atsopano asapitirire awiri kapena atatu patsamba, ndipo tanthauzo lioneke m'zochita: sin akatunga hun m'chikho n'kupatsa mlendo waludzu, palibe amene adzafunse kuti hun n'chiyani.