Apongozi abweretsa mwanamphepo, ndiwauze azamba?

"Ndili ndi pakati pa miyezi 8, ndipo mwana woyamba ndinachira pa opaleshoni. Apongozi andibweretsera mwanamphepo kuti ndizithira m'phala matenda akayandikira. Ndimamwanso tiyi wa jinja. Ndikuopa kunena kusikelo, angandikalipire. Nditani?"

Mayi, jinjayo asakudetseni nkhawa. Kachidutswa kakang'ono m'kapu, kamodzi kapena kawiri patsiku, kamachepetsa nseru. Chenjerani kokha ndi tiyi wa masamba wa tsiku ndi tsiku, chifukwa amalepheretsa thupi kuyamwa bwino mapiritsi owonjezera magazi. Muzisiyanitsa ziwirizi ndi maola awiri.

Koma mwanamphepoyo musamwe ngakhale pang'ono. Anthu amamupereka kuti matenda afulumire, ndipo vuto lagona pomwepo. Pobereka, chiberekero chimakunga kenako n'kumasuka, ndipo mwana amalandira magazi ndi mpweya kudzera m'nsengwa pa nthawi yomasukayo. Chikamakunga motsatizana, kupitirira kasanu pa mphindi 10, mwana amabanika. Khomo la chiberekero limafunika kutseguka masentimita 10, ndiye mankhwala akamakankha khomolo lisanatseguke, mphamvu yonse imathera pa malo ofooka. Kwa inu malo amenewo ndi chipsera cha opaleshoni ija, ndipo chiberekero chingathe kung'ambika. Kuchipatala nakonso alipo mankhwala olimbitsa matenda, okisitosini, koma amayenda m'diripi yomwe mzamba angathe kutseka akaona kuti zanyanya. Zomwe mwameza m'phala palibe angazitseke, komanso muyezo wake sadziwa ndi apongozi omwe.

N'chifukwa chake kubisa kumaopsa kuposa kukalipiridwa. Mzamba wosadziwa kuti mwamwa kanthu angathe kuwonjezera mankhwala pamwamba pa mankhwala. Pa sikelo yotsatira tengani mtolowo m'thumba, ndipo mukalowa m'chipinda choyezera, osati pa mzere, nenani kuti: "Amayi, kunyumba andipatsa izi, sindinamwe, ndithandizeni mawu okawayankha." Alipo azamba apakamwa powawa, sindikana, koma ambiri amafewa akaona kuti mwabwera kudzafunsa. Apempheni alembe m'buku lanu lakuchipatala kuti mukachirire kumene kuli chipinda cha opaleshoni, ndiponso ngati muyenera kupita kuchidikiro.

Ngati mwalawako kale, nenani dzina la mankhwalawo, kuchuluka kwake, ndi nthawi yomwe munamwa komaliza. Mimba ikauma osamasuka, ululu ukakhala wosalekeza, mukataya magazi kapena madzi obiriwira, kapena mwana akachepetsa kusewera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Apongozi musawanyoze, akuchita zomwe iwonso anachitiridwa. Athokozeni, ndipo bambo akunyumba ndiwo awafotokozere kuti munthu wa chipsera saloledwa kumwa mankhwala azitsamba ofulumizitsa matenda. Kukatheka pitani nawo kusikelo akadzimvere okha kwa mzamba.