Chifukwa chake PDF yanu ikuwerengedwa mosokonekera

"Ndinalemba lipoti mu Word, la madanga awiri patsamba lililonse, ndipo lili ndi tchati. Ndinalisandutsa PDF n'kutumizira mnzanga wakuntchito yemwe ndi wosaona. Akuti NVDA, pulogalamu imene imamuwerengera mokweza zolembedwa pakompyuta, ikulumphalumpha, mitu siikupezeka, ndipo za tchati sakumvapo kanthu. Koma kwa ine likuoneka bwinobwino. Ndikonze pati?"

Zikomo polemba. Maso anu akuona tsamba, koma NVDA sidalira maonekedwe a tsambalo. Imatsata matagi, omwe ndi zizindikiro zobisika m'fayilo zonena kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi. Matagiwo amaikidwa pamndandanda, ndipo pulogalamuyo imawerenga kuchokera pamwamba pa mndandandawo kutsika. Akasowa, pulogalamu yotsegulira PDF imangoganizira yokha ndondomeko yowerengera, ndipo pa madanga awiri m'pamene imaphonya kwambiri.

Yambani ndi kuona ngati alipo. Tsegulani fayilo mu Acrobat, dinani Ctrl+D, muyang'ane mzere wa Tagged PDF. Ngati palembedwa No, ndikukayikira kuti munagwiritsa ntchito Microsoft Print to PDF, chifukwa njira yopulinta imataya matagi. Musavutike n'kukonza fayilo imeneyo. Bwererani ku Word, mitu yonse muipatse Heading 1 ndi Heading 2 m'malo mongokulitsa zilembo, ndipo madanga muwapange ndi Columns, osati ndi timabokosi ta mawu. Kenako sankhani Save As, mtundu ukhale PDF, ndipo pa Options muchonge Document structure tags for accessibility. Ntchito yaikulu imathera pomwepa, ndipo mukadzasinthanso lipotilo simudzayambanso pachiyambi.

Komabe kukhala ndi matagi sikutanthauza kuti ali m'malo mwake. Tiyerekeze kuti tsamba lachitatu lili ndi mutu, madanga awiri, kabokosi ka chenjezo pambali, ndi tchati mmunsi. Mu Acrobat Pro tsegulani gawo la Accessibility tags, lomwe mu Acrobat yakale limangotchedwa Tags, n'kumatsika ndi batani la muvi. Tagi iliyonse mukafikapo, malo ake patsamba amazunguliridwa ndi mzere. Muzidzifunsa: kodi ndikanakhala kuti ndikuwerengera munthu mokweza, apa ndikanapita pamenepa? Ndondomeko yoyenera ingakhale iyi:

```
<H2>      mutu
<P>       danga lamanzere
<P>       danga lamanja
<P>       chenjezo
<Figure>  tchati
```

Kawirikawiri kabokosi kaja mumakapeza kali pamwamba pa mutu, kapena katalowa pakati pa nkhani yosatha, chifukwa Word imakaika potengera ndime imene kanamangiriridwako. Kokani tagi yake muiike pamene woweranga akufunikira chenjezolo. Ambiri amakonza manambala a m'gawo la Order n'kuganiza kuti amaliza, koma gawo limenelo limasonyeza mmene zinthu zinaikidwira patsamba, ndipo likhoza kusiyana ndi matagi. Kusuntha zinthu mmenemo kungachititsenso kuti mawu abisike kuseri kwa chithunzi, choncho sungani kope musanayambe. Chomaliza kuona chizikhala mndandanda wa matagi.

Za tchati ndiye zimandikhudza kwambiri, chifukwa nthawi zambiri mfundo ya lipoti lonse imakhala mmenemo. Dinani kumanja pa <Figure>, sankhani Properties, mulembe mu Alternate Text. Kulemba kuti "tchati cha malonda" sikuthandiza mnzanuyo, poti mwangomuuza kuti pali chinthu chimene sachiona. Lembani chimene tchaticho chikunena, mwachitsanzo: "Malonda anakwera mwezi uliwonse kuyambira Januwale mpaka Epulo, kenako anatsika ndi theka mu Meyi." Chiganizo chimodzi kapena ziwiri n'zokwanira. Ngati manambala onse ndi ofunika, aikeni m'tebulo pansi pa tchaticho, kuti athe kuwayendera limodzilimodzi m'malo momvetsera chiganizo chachitali. Mizere yokongoletsa ndi chizindikiro cha bungwe chobwerezedwa patsamba lililonse musazifotokoze. Zisankheni ndi chida cha Reading Order n'kudina Background/Artifact, ndipo pulogalamu idzazidumpha.

Accessibility Check ya Acrobat idzakuuzani ngati chithunzi chilibe mawu ofotokozera, koma singadziwe ngati mawuwo ali omveka, ndipo pa Logical Reading Order imangolemba kuti muone nokha. Ndiye muone nokhadi. NVDA ndi yaulere. Tsegulani fayilo mu Acrobat Reader, dinani H kuti mulumphe mutu ndi mutu, G kuti mufike pa zithunzi, kenako Insert ndi muvi wotsika kuti iwerenge zonse. Mvetserani makamaka pamene danga lamanzere likuthera, chifukwa mawu otsatira ayenera kukhala oyamba a danga lamanja. Mukakhutira, mutumizireni mnzanuyo, ndipo mumupemphe akuuzeni tsamba ndi ndime pamene pakadali chisokonezo.