Sampo ya 30 pa gulu, asupavaiza akuti yakwana

"Ndikufuna kuona ngati kutumiza mesejo pa foni kumathandiza odwala BP kubwerera ku kiliniki pa tsiku lawo. Asupavaiza akuti anthu 30 pa gulu akwana. Ndiyambe?"

Asisi musayambe chonde, imani kaye. Mawu omwewo asupavaiza anga anandiuza ine, ati bola upitirire 30 basi zili bwino, ine ndinatenga 40 gulu la mesejo 40 gulu lopanda mesejo, ndalama za tokotaimu ndi minibasi yopita ku makomboni zonse za m'thumba mwanga. Zotsatira zinabwera zokongola, opanda mesejo anabwerera 24 pa 40, ndiye 60%, a mesejo 30 pa 40, ndiye 75%. Kusiyana kwa mapointi 15! Koma p = 0.15, pamwamba pa malire a 0.05, ndiye kuti kusiyanako kukhoza kukhala kwa mwayi chabe.

Tsiku la difensi ekizamina sanakweze mawu ayi, anangofunsa kuti 40 munaipeza bwanji. Chipinda chonse zii. Ndinayang'ana asupavaiza, iwo maso pa foni. Kenako ekizamina anawerengera pomwepo pamaso pa anthu kuti ngakhale mesejo ikanakhala kuti ikugwiradi ntchito ndendende ndi mapointi 15 amenewo, ndi anthu 40 pa gulu mwayi woti kafukufuku wanga aione unali pafupifupi 30% chabe. Imeneyo ndiye pawa. Tanthauzo lake, anthu khumi atachita kafukufuku wanga yemweyo, asanu ndi awiri abwera ndi "palibe kusiyana" pamene kusiyana kulipo. Mawondo ananjenjemera, pakamwa gwa. Chinandiwawa kwambiri n'choti mu chaputala 5 asupavaiza anandilembetsa okha kuti mesejo sithandiza, ndipo ekizamina ati kafukufukuyu sanaonetse zimenezo, konfidensi intavo yanu ikuchokera pa -5 kufika pa +35, ndiye kuti mwina sithandiza, mwina imathandiza kwambiri, simukudziwa. Munthu amene anasaina pulopozo osatsegula n'komwe peji ya sampo anatuluka nkumauza anzake kuti ana a masiku ano sawerenga. Mpaka lero ndikawaona mtima umawira.

Nambala ya 30 ija imachokera kwina, ndi lamulo la pakamwa chabe lonena kuti avereji ya sampo imayamba kutsata nomo disitiribushoni. Silinena kanthu za kuona kusiyana pakati pa magulu awiri.

Manje chitani izi. Pitani ku rejisita ya kiliniki muone kuti panopa amabwerera angati pa 100. Kenako funsani anesi kuti kusiyana kochepetsetsa koti angasinthire kachitidwe kawo ndi kotani. Mukatero ikani alufa, malire a p aja, pa 0.05, pawa pa 80%. Mu pulogalamu ya R ndi mzere umodzi, p1 ndi nambala ya ku rejisita, p2 ndi imene mukufuna kufikira, apa ndaika zanga:

```
power.prop.test(p1 = 0.60, p2 = 0.75, power = 0.80)
```

Ikupatsani 152 pa gulu lililonse, osati onse pamodzi, pa gulu. Ngati R ikuvutani OpenEpi ndi G*Power ndi zaulere, nambala imasiyana pang'ono malinga ndi fomula. Ndipo odwala amasowa, wina wasintha simu, wina wapita kumudzi kukalima, ndiye mukayembekezera kutaya 10% mugawe 152 ndi 0.9, zikhala 169. Mukafuna kuona kusiyana kwa mapointi 10 chabe, 60% ndi 70%, nambala imalumpha kufika 356 pa gulu, chifukwa kusiyana kukachepa ndi theka sampo imafunika pafupifupi kanayi.

China chimene sakuuzani, sampo yaing'ono imapweteka ngakhale p itatsika pansi pa 0.05. Ndi anthu 40 munthu mmodzi yekha amasuntha zotsatira ndi mapointi 2.5, ndipo kuti p itsike pamafunika kusiyana kopitirira mapointi 20. Ndiye amene mwayi wamugwera amalengeza 25 pamene zoona ndi 15, akiliniki nkuyamba kuyembekezera zinthu zimene sizidzachitika.

Koma ndikudziwa, anthu 338 ndi ndalama za mwana wa sukulu n'zovuta, ndiye ngati thumba likukana pitirizani ndi ochepawo, digiri isaime. Kungoti muitchule kuti payiloti kuyambira pa mutu, funso likhale loti odwala amavomera kupereka nambala, mesejo imafika, angati amasowa panjira. Lembani konfidensi intavo, mawu oti sithandiza musawalembe. Kapena onjezani kiliniki yachiwiri ndi yachitatu musanapite kwa a ethikisi, chifukwa kusintha pambuyo ndi kulemba pempho lina. Mawerengedwe a sampo atumizeni kwa asupavaiza pa imelo, ayankhe polemba, musunge.