Mmene ukapolo unamangidwira pa khungu lakuda: zomwe zinachitika ku Virginia

Mmodzi mwa owerenga walemba kuti: "Akapolo analiko kulikonse, ngakhale kwathu kuno makolo athu anali nawo. Nanga zinatheka bwanji kuti kutsidya kwa nyanja mawu akuti kapolo azitanthauza munthu wakuda yekha? Kodi azungu anayamba ndi kunyoza khungu lathu, kapena kunyozako kunabwera pambuyo?"

Kunyoza kunalipo kale m'mitima ya Azungu ambiri, koma chomwe chinakhazikitsa zinthu ndi malamulo. Izi zimaoneka bwino tikatsata dera limodzi, Virginia, lomwe Angerezi ankalamulira ku Amereka, chifukwa kumeneko zigamulo za makhoti zinasungidwa.

Anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa zombo kuchoka mu Afirika, ndipo amene anafika amoyo anali pafupifupi 10.7 miliyoni. Ochuluka anapita ku Brazil ndi kuzilumba za Caribbean kukalima nzimbe. Ena mwa iwo, makamaka itadutsa 1800, anakwerera pa Quelimane ndi pa chilumba cha Mozambique, atagwidwa kumtunda kuno. Virginia inalandira ochepa, ndipo oyamba, anthu makumi awiri ndi ena angapo, anafika mu 1619. Nthawi imeneyo minda ya fodya inkadalira Azungu osauka amene ankagwira ntchito zaka zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri pobweza ndalama ya ulendo wawo, kenaka n'kumasulidwa. Aafirika ena ankamasukanso. Anthony Johnson anafika ngati wogulidwa, koma pofika 1651 anali ndi malo akeake okwana maekala 250.

Kusiyanitsa kunayamba kuonekera mu 1640. Antchito atatu anathawa pamodzi n'kugwidwa: Mdatchi, munthu wa ku Scotland, ndi Mwafirika dzina lake John Punch. Onse anakwapulidwa. Azungu awiriwo anawaonjezera zaka zinayi, koma Punch anamulamula kutumikira moyo wake wonse. Mlandu unali umodzi, zilango ziwiri.

Nkhani yofunika kuimvetsa bwino ndi ya Elizabeth Key. Mayi ake anali kapolo wochokera ku Afirika, bambo ake Mngerezi mwini munda, Thomas Key. Yemwe ankamusunga atamwalira, Elizabeth anawerengedwa pamodzi ndi chuma chamasiye. Iye anakasuma, ndipo mfundo zake zinali zitatu. Bambo ake anali mfulu, ndipo lamulo la Angerezi linkati mwana amatsata bambo. Anali wobatizidwa, ndipo ambiri ankakhulupirira kuti Mkhristu sangasungidwe ukapolo mpaka imfa. Komanso zaka zomwe anayenera kutumikira zinali zitatha. Mu 1656 anapambana, iye ndi mwana wake wamwamuna anamasulidwa.

Eni minda anaona kuti makomo amene mayiyu anatulukira angatulutse enanso, ndiye anayamba kuwatseka. Mu 1662 nyumba ya malamulo ya Virginia inalamula kuti mwana adzakhala kapolo kapena mfulu malinga ndi mmene mayi ake alili. Kwa ife a chikamwini, mawu akuti mwana ndi wa kuchikazi samveka achilendo, choncho n'kosavuta kuphonya nkhanza yake. Kwathu mwana akatsata mayi amapeza mbumba, malume, ndi munda. Ku Virginia kutsata mayi kunatanthauza kukhala katundu wa mwini mayiyo. Mwamuna wogwirira kapolo wake sankaumirizidwanso kulera mwanayo kapena kumuvomera. Mwana wake yemwe ankasanduka chuma choti atha kugulitsa. Angerezi anasiya mwambo wawo womwe wotsata bambo, koma anachita zimenezi pa nkhani ya akapolo yokha.

Apa ndi pamene pali kusiyana ndi ukapolo umene mwatchula wa makolo athu. Nawonso unali wowawa, ndipo zomwe ankachita Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga zinapululutsa midzi. Koma m'midzi ya Achewa ndi Ayao, mdzakazi ankatha kukwatiwa ndi mbuye wake, ana ake n'kukulira m'banja la bambo. Chitonzo chinkatsala, komabe patapita mibadwo mdzukulu sankadziwika ndi maso kuti agogo ake anagulidwa. Ku Virginia ukapolo unakhala cholowa chosatha, ndipo popeza amene ankagulidwa padoko anali Aafirika, khungu linasanduka chizindikiro chooneka patali.

Khomo lachiwiri linatsekedwa mu 1667: ubatizo susintha kanthu pa ukapolo wa munthu. Kuyambira pamenepo kugawa anthu kuti uyu Mkhristu uyu wakunja kunasiya kuthandiza eni minda, ndipo panafunika mawu ena. Mu 1676 Nathaniel Bacon, Mngerezi mwini munda, anaukira boma, akapolo akuda ndi antchito achizungu akumenyera mbali imodzi, mpaka anatentha Jamestown, likulu la Virginia pa nthawiyo. Zaka zotsatira antchito ochokera ku Mangalande anachepa, zombo za akapolo zinachuluka, ndipo malamulo anayamba kulekanitsa osauka ndi osauka anzawo. Lamulo la 1691 linagwiritsa ntchito mawu akuti "woyera" ndipo linati woyera wokwatirana ndi wakuda athamangitsidwe m'dzikomo. Mkazi wachingerezi akabereka mwana wa munthu wakuda kunja kwa ukwati, ankalipira mapaundi 15 kapena kugulitsidwa kukatumikira zaka zisanu, mwanayo n'kutumikira mpaka zaka 30. Taonani kuti chilango chinagwera mkazi woyera, chifukwa mwana wake wakuda, potsata mayi, akanabadwa mfulu.

Mu 1705 malamulo onsewa anasonkhanitsidwa pamodzi, ndipo boma linayamba kuwerenga magazi: mwana, mdzukulu, ngakhale mdzukulutuvi wa munthu wakuda sankaloledwa kukhala pa udindo. Mu 1723 akuda amene anali mfulu analandidwa mwayi woponya voti. Apa nkhani sinalinso ya ukapolo wokha, chifukwa anthuwa sanali akapolo a wina aliyense.

Mmene zinafikira pathupi penipeni zikuoneka pa mlandu wa Hudgins ndi Wright mu 1806. Banja lina linati ndi mbadwa za mayi wa Amwenye a ku Amereka, eni nthaka amene analiko Azungu asanafike, choncho ndi mfulu. Oweruza anayang'ana khungu, tsitsi ndi mphuno. Anagamula kuti wooneka ngati Mzungu kapena Mmwenye aziyesedwa mfulu mpaka womufunayo atabweretsa umboni, koma wooneka ngati Mwafirika aziyesedwa kapolo mpaka iye mwini atatsimikiza ufulu wake. Munthu wakuda woyenda pamsewu wopanda chikalata ankatha kugwidwa n'kugulitsidwa.

Ukapolo unathetsedwa ku Amereka mu 1865, koma njira yowerengera makolo inatsala, ndipo inakhwimirakhwimira. Lamulo la Virginia la 1924 linati woyera ndi yekhayo amene alibe magazi a mtundu wina ngakhale pang'ono. Linangopatula amene magazi awo a Amwenye a ku Amereka sapitirira gawo limodzi mwa magawo 16, chifukwa mabanja ena otchuka ankanyadira kuti ndi zidzukulu za Pocahontas, mwana wa mfumu ya Amwenyewo amene anakwatiwa ndi Mngerezi. Ku Brazil, komwe ukapolo unatha mu 1888, anthu anagawidwa m'magulu ambiri potsata maonekedwe, kotero munthu mmodzimodziyo atha kutchedwa wakuda ku Virginia koma osatero ku Bahia, dera la ku Brazil. Thupi ndi lomwelo, malamulo ndiwo anasiyana. Ku Virginia chiletso cha ukwati chomwe chinayamba mu 1691 chinagwa mu 1967, pamene khoti lalikulu la Amereka linagamula mokomera Richard ndi Mildred Loving, mwamuna woyera ndi mkazi wake wakuda.