Kachotupa ka mamilimita 7 m'mapapo: bwanji adokotala akuti tidikire miyezi 6?

"Bambo anga a zaka 58 anajambulidwa sikani ya CT atachita ngozi ya njinga yamoto. Nthiti zili bwino, koma lipoti likuti m'phapo lakumanja muli kachotupa kamodzi kolimba ka mamilimita 7. Anasuta fodya zaka zambiri. Adokotala angoti tibwerenso pakatha miyezi 6. Kodi kumeneku si kutaya nthawi ngati ili khansa?"

Achemwali, pepani ndi nkhawa yomwe muli nayo. Miyezi 6 imeneyo adokotala sanangoitchula. Ambiri amatsata malangizo a chaka cha 2017 a Fleischner, bungwe la akatswiri a matenda a m'mapapo, okhudza tizotupa topezeka mwangozi mwa anthu a zaka 35 kupita m'tsogolo. Kachotupa kolimba kosafika mamilimita 6 mwa munthu wosasuta nthawi zambiri sachita kukalondola, chifukwa mwayi woti ndi khansa sufika n'komwe pa mmodzi mwa anthu 100. Ka mamilimita 6 mpaka 8 amakajambulanso pakati pa miyezi 6 ndi 12, kenako pakati pa miyezi 18 ndi 24. Kakaposa 8 m'pamene amafulumira: sikani ina pa miyezi itatu, kapena sikani ya PET, yomwe imaonetsa malo omwe akudya shuga kwambiri ngati mmene khansa imachitira, kapena kutapa kanyama kukapima. Bambo anu ali m'gulu lapakati, ndipo chifukwa cha fodyayo awayika kuchiyambi kwenikweni kwa nthawi yololedwa. Ine ndikuona kuti achita bwino.

Nanga bwanji osajambulanso mwezi wamawa? Apa m'pamene pagona nkhani. Kachotupa n'kobulungira, choncho kakawirikiza kawiri kukula kwake konse, m'mimba mwake mumangowonjezeka pang'ono kuposa kota. Ka mamilimita 7, kongofanana ndi njere ya nandolo, kakawirikiza kamafika pafupifupi 9 basi. Khansa zambiri zolimba za m'mapapo zimatenga masiku 100 mpaka 400 kuti ziwirikize chotere.

Tiyerekeze kuti kameneka n'koipa ndipo kamawirikiza pa masiku 200. Pakatha mwezi umodzi kadzakhala pa 7.2. Palibe woyeza amene angakhulupirire kusiyana kumeneko, popeza madokotala awiri poyeza kachotupa kamodzimodzi amatha kusiyana ndi milimita yathunthu. N'chifukwa chake amati kakula pokhapokha kakawonjezeka ndi mamilimita awiri. Sikani ya mwezi umodziyo ingangokunamizani kuti zonse zili bwino, ndalama zitapita. Koma pa miyezi 6 kadzakhala katayandikira 9, kusinthako kutayamba kuoneka, pomwe kadakali kakang'ono koti madokotala angathe kukachotsa.

Tsono chonde musadzathawe sikani ya pakati pa miyezi 18 ndi 24 ija. Kachotupa kochedwa, ka masiku 400, pa miyezi 6 kamakhala kasanafike pa 8, ndipo lipoti likhoza kunena kuti sikanasinthe. Pa miyezi 24 kamakhala katapitirira 10. Kachotupa kolimba amakachotsera nkhawa kakakhala zaka ziwiri osasintha, osati miyezi 6. Kooneka mbuu ngati nkhungu n'kosiyana, kamakula mochedwa kwambiri, ndipo amakalondola mpaka zaka zisanu.

Mwina mukuti angokabaya singano tidziwiretu. Kachotupa ka mamilimita 7 kamayenda munthu akamapuma, singano imatha kukaphonya, ndipo kubaya phapo nthawi zina kumaliphwetsa. Sikani ya PET nayonso siona bwino tosafika mamilimita 8.

Pali zinthu zomwe zingasinthe dongosolo lonseli, ndipo adokotala ayenera kuzimva kuchokera kwa inu. Malangizo ndatchulawa sagwira ntchito kwa munthu amene anadwalapo khansa kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, monga mmene zimakhalira ndi ena omwe ali ndi kachilombo ka HIV. Komanso kwathu kuno chifuwa chachikulu n'chofala, ndipo chimasiya zipsera m'mapapo, kawirikawiri chakumtunda, komwenso khansa imakonda. Ngati bambo anamwapo mankhwala a TB, nenani. Ngati akutsokomola, akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena akulavula magazi, asadikire miyezi 6. Apite sabata yomwe ino akapimidwe makhololo. Kachotupa komwe kakula msangamsanga m'milungu yochepa nthawi zambiri kamakhala ka tizilombo, osati khansa, koma kamafunabe mankhwala.

Funsaninso kuti m'mbali mwake mukuoneka bwanji. Kosalala, kapena kowuma ndi kashiamu paliponse, kamapereka mpumulo. Kokhala ndi timinga m'mbali amakayang'anitsitsa kwambiri.

Chomwe chimasokoneza mabanja ambiri n'kusowa kwa zithunzi zoyamba. Popanda izo sikani yachiwiri ilibe choyerekezera nacho, ndipo kuwerenga kumayambiranso. Pemphani zithunzi zenizenizo pa chimbale kapena pa fulashi, osati pepala la lipoti lokha, ndipo tsiku lobwerera lilembedwe m'buku lawo lakuchipatala. Ngati n'kotheka akajambulidwe pa makina omwewo. Ngati anajambulidwapo pachifuwa zaka zapitazo, fufuzani zithunzizo, chifukwa kachotupako kakapezeka pamenepo kali chimodzimodzi, kudikira kungathere pomwepo. Ndipo ngati bambo akusutabe, athandizeni kusiya tsopano, osadikira zotsatira za sikani.