Za shedi ya pamsika: yambani mwaona komwe madzi akupita

"Tili ndi malo m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, mamita 25 mulitali ndi 15 mulifupi, ogulitsa tilipo 24, ena a nsomba ena a ndiwo zamasamba ndi tomato. Dzuwa likutipha, mvula ikagwa ndi matope okhaokha, ogula amangothera pa mabenchi akutsogolo. Timange bwanji shedi?"

Achimwene, malata musagule kaye. Ndikudziwa kuti komiti ikangosonkha ndalama aliyense amafuna aone denga litakwera, koma denga ndi lomwe limasonkhanitsa madzi, ndiye mukalimanga musanadziwe kokawataya madziwo matope achuluka kuposa panopa. Tiyeni tiwerengere limodzi. Anthu 24 akwana bwinobwino mu shedi imodzi ya mizere iwiri yoyang'anizana, 12 uku 12 uku, denga lake likhala ngati mamita 20 mulitali ndi 8 mulifupi, kutanthauza masikweya mita 160. Mvula ya milimita imodzi ikagwera pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Nde ikagwa ija ya mu Januwale yokwana mamilimita 50, dengalo lokha litsitsa malita 8,000, madilamu 40 a malita 200 aja, onsewo kugwera pamizere iwiri yokha ya kumapeto kwa malata.

Choyamba pitani pamalopo mvula ikangokata, mukhome zikhomo pomwe madzi adikha ndi pomwe akutulukira, muonenso ngati msewu sukukuthirirani madzi ake, poti tala nthawi zambiri imakhala pamwamba kuposa malo a m'mbali. Ngati ndi chilimwe mmisiri aliyense ali ndi kapaipi kooneka mkati kaja kothira madzi, akuyezerani mbali yotsika ndi iti. Musadalire maso, kuno kunyanja malo amaoneka osalala koma amakhala atapendekeka pang'ono ndithu.

Pansi pa shedi mukweze ndi masentimita 25 kapena 30 pamwamba pa dothi lozungulira, muthire zidutswa za njerwa ndi gelavulo, mutsendere kwambiri musanaike simenti. Pakati pakhale pokwererapo pang'ono, potsikira mbali zonse ziwiri ndi masentimita 2 pa mita iliyonse, kuti madzi otsukira mabenchi azithamangira kumbuyo kwa ogulitsa osati komwe kukuyenda makasitomala. Ngalande zikhale ziwiri, kunja, ndendende pomwe madzi a malata akugwera. Mulifupi masentimita 30 ndi okwanira, kutanthauza fosholo izilowamo, ndipo izitsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Pa mamita 20 aja ndiye kuti ikayamba ndi kuya kwa masentimita 15 ikathere pa 35. Muimange ndi njerwa ndi kupaka pulasitala, chifukwa ngalande yongokumba mumchenga wathuwu imagumuka ndi mvula yoyamba yomwe. Ine sindigwirizana nazo zotseka ngalande yonse ndi masilabu olemera, imadzadza mchenga ndi mapepala ajumbo, palibe amene amaona mpaka fungo litayamba. Tsekani pokhapo podutsa anthu ndi mawilibala. Mmisiri asanalandire ndalama yomaliza thirani ndowa ziwiri kumtunda kwa ngalande, muwatsatire madziwo, pomwe aima ndi pomwe pazidzaswana udzudzu, akonze tsiku lomwelo.

Madzi a nsomba ndi nkhani ina, musawaphatikize ndi amvula. A chambo ndi mcheni waziwisi akhale kumapeto kotsika, pabenchi ya simenti, madzi awo adutse pa kasefa kogwira mamba ndi matumbo kenako alowe m'dzenje lodzadza miyala. Mukawaika kumtunda, madzi amagaziwo adutsa kumbuyo kwa munthu aliyense wa tomato ndipo ntchentche ziwatsatira mzere wonse. Dzenjelo litalikirane ndi mjigo kapena chitsime ndi mamita 30 kupita m'tsogolo, komanso yesani kaye, kumbani mita imodzi nthawi ya dzinja, ngati pansi pakutuluka madzi ndiye kuti dzenje silimwa kanthu, poti malo ambiri oyandikana ndi nyanja kapena Shire madzi apansi ali pafupi. Zikatero kambiranani ndi a zaumoyo a kukhonsolo, osangolozetsa madziwo kumunda kwa mnzanu. A usipa ndi utaka wouma akhale patali ndi pothira madzi, chinyezi chimawaonongera katundu.

Tsopano mthunzi. Anthu ambiri amamanga denga lalifupi pofuna kusunga ndalama ya mapolo, kenako mu Okutobala amapezeka atuluka mu shedi akukagulitsira pansi pa mtengo, chifukwa malata akakhala pafupi ndi mutu amaotcha ngati chiwaya. Kumapeto kwa denga kukhale mamita atatu kuchokera pansi, pakati pakwerepo, ndipo pamwamba penipenipo musiye kampata kophimbidwa ndi kadenga kena kuti mpweya wotentha uzitulukira. Makoma musamange, mphepo izidutsa. Ngati malo akulola, utali wa shedi uyang'ane kummawa ndi kumadzulo, apo dzuwa limayenda motsatira msana wa denga ndipo lolowa cham'mbali limavutitsa mabenchi akumapeto okha. Malata atuluke mita imodzi kupitirira pomwe pakhala wogulitsa, makamaka mbali yakumpoto, poti mu Juni ndi Julaye dzuwa limapendekera kumeneko. Kumadzulo dzalani nimu kapena mango, koma mamita asanu kuchokera pa ngalande, mizu imaswa njerwa. Ndipo mapolo azikidwe mu konkire, mitengo yadenga imangidwe ndi waya kapena mabauti, shedi yopanda makoma mphepo imailowa pansi nkuinyamula, kaya ndi mwera kaya ndi chimphepo chija chobwera ndi mvula yoyamba.

Za ogula othera kutsogolo, vuto ndi njira yopanda potulukira. Munthu salowa mkati ngati akuona kuti akabwereranso momwemo mopanikizana. Njira yapakati ikhale yotsegula mbali zonse ziwiri ndipo mulifupi isachepere mamita awiri ndi theka. Zimaoneka ngati kuononga malo koma taganizani, wogula waima pabenchi yakumanja watenga masentimita 60, wina kumanzere chimodzimodzi, pakati patsala mita ndi pang'ono podutsa mayi wosenza dengu ali ndi mwana kumbuyo. Benchi iliyonse mita imodzi ndi theka mulitali, masentimita 80 mulifupi, wogulitsa akhale ndi mita imodzi kumbuyo yosungira matumba ake. Pakatha mabenchi 6 siyani mpata wa mita ndi theka wodutsira cham'mbali, ndi umene ukufikitsa utali pafupi ndi mamita 20 aja.

Zinthu zomwe anthu amabwerera dala kumsika, nsomba makamaka, zikhale kumapeto akutali ndi msewu, bola kukhale kotsika monga ndanena. Wofuna chambo adutsa tomato, anyezi ndi mpiru kaye, aliyense adyapo. Ngati kotsika kuli kumsewu, madzi ndiwo apambane, nsomba zikhale komweko, koma ndiye njinga za kabaza ndi potsitsira katundu muziike mbali inayo kuti anthu azilowera kumeneko. Musalole njinga kuima pakhomo, ndipo jambulani mzere wa penti pansi kutsogolo kwa mabenchi, chifukwa pakangotha sabata wina ayala chiguduli cha mbatata m'njira, mnzake naye asuntha beseni, njira ija nkutsala theka. Komiti igwirizane lamulo limeneli anthu asanagawane mabenchi, ndipo malo agawidwe mwa maere m'gulu lililonse.

Musanakumbe maziko pitani ndi pulani yanu kukhonsolo, ndipo mufunse malire a msewu akuthera pati, chifukwa chomangidwa m'malo a msewu chimatha kugwetsedwa ndalama zanu zitalowa kale. Ndalama zikachepa yambani ndi kukweza pansi ndi ngalande, mapolo muzikiretu, malata muzikhoma chigawo chigawo kuyambira kwa a nsomba.